Anandibweza kunyumba ndi mapilitsi pomwe mlamu wanga anamugoneka: kodi machubu anga apulumuka?

*Adokotala, ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala kufupi ndi Ulongwe ku Angoniya. Ndili ndi mwana mmodzi wa zaka zinayi ndipo tikufuna wina. Sabata yatha ndinayamba kumva kupweteka m'chinena, kutuluka chikazi chachikasu, komanso kuwawa tikakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba. Kuchipatala anandiyeza, analemba DIP pa khadi langa, anandibaya jakisoni mmodzi n'kundipatsa mapilitsi a masiku 14. Mlamu wanga atadwala matenda omwewa chaka chatha anamugoneka ku Tete masiku asanu ali pa diripu. Kodi ineyo anangondinyalanyaza? Matendawa amachokera kuti, ndipo n'zoona kuti amatseka njira ya mazira? Lero ndi tsiku lachisanu, ululu wachepa. Bambo ali kuntchito ku Moatize, akuti iwo sakumva kalikonse.*

Mayi, mtima ukhale m'malo, sanakunyalanyazeni. Malinga ndi mmene mwalongosoleramu, chithandizo chomwe munalandira n'chomwe inenso ndikanakupatsani mukanandipeza m'chipinda choyezera. Kuchepa kwa ululu kukusonyeza kuti mankhwala agwira. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine si bedi lomwe simunagonepolo ayi. Ndi masiku 9 a mapilitsi omwe atsalawo, komanso bambo ali ku Moatize aja. Machubu anu apulumuka kapena kuwonongeka chifukwa cha zinthu ziwirizi, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake kuti musamangomwa mankhwala poopa anamwino.

Zilembo za DIP ndi chidule cha dzina la matendawa m'Chipwitikizi. Mukanawolokera ku Dedza akanalemba PID, koma nthenda ndi yomweyo. Tanthauzo lake n'lakuti tizilombo tachoka kunjira ya abambo, tadutsa khomo la chiberekero, takwera n'kuyambitsa kutukusira m'chiberekero, m'machubu, nthawi zina mpaka m'mabasiketi a mazira ndi m'kati mwa mimba. Kunsi kwa khomo la chiberekero mayi aliyense ali ndi tizilombo, ndipo tambiri n'tabwino, timalondera malowo. Kumtunda kwa khomo sikuyenera kupezeka kachilombo. Khomolo limakhala lomatidwa ndi chinanda cholimba chomwe chimatchinga njira. Choncho funso loyamba nthawi zonse ndi lakuti, chinatsegula pakhomo n'chiyani?

Kawirikawiri amatsegula ndi matenda awiri opatsirana pogonana. Chinzonono mukuchidziwa. Mnzake ndi kalamidiya, yemwe alibe dzina lachikuda chifukwa sadzionetsera: amayi ambiri omwe ali naye samva kanthu, abambo ambirinso chimodzimodzi. Awiriwa amakhazikika pakhomo la chiberekero, amalitupitsa n'kufooketsa chinanda chija. Akatero amakwera, ndipo tizilombo tina ta kunjira ya abambo, makamaka tija timakonda malo opanda mpweya, timalowa nawo pambuyo. N'chifukwa chake pofika m'machubu simukhala kachilombo ka mtundu umodzi, mumakhala gulu. Pa amayi khumi omwe ali ndi kalamidiya wosachizidwa, pafupifupi mmodzi amadwala matenda okwerawa chaka chisanathe.

Khomo limatsegukanso palokha nthawi ya msambo, n'chifukwa chake ambiri amayamba kumva ululu akusamba kapena atangomaliza kumene. Limatseguka pobereka, mimba ikapita padera, kapena ikachotsedwa ndi timitengo ndi zitsamba. Kwa amene aikidwa lupu, ngozi imakhala m'masabata atatu oyamba basi, makamaka ngati pakhomopo panali kale matenda. Pambuyo pake lupu sayambitsa vutoli. Palinso chizolowezi chomwe tinalangizidwa ambirife, chotsuka m'kati ndi chala ndi sopo, kapena kuikamo mankhwala oumitsa ndi othinitsa. Sindikunyoza anankungwi athu, koma ndimaona zotsatira zake patebulo loyezera. Zinthu zimenezi zimapha tizilombo tolondera tija, n'kusiya tonunkhitsa chikazi tikuchulukana pafupi ndi khomo.

Ndanena zonsezi kuti musafulumire kutula mlandu pa munthu. Mwa amayi ambiri odwala matendawa, kuyeza sikupeza chinzonono kapena kalamidiya. Ndipo akapezeka, kalamidiya amatha kukhala m'thupi miyezi yambiri ali chete, moti palibe angaloze tsiku lomwe analowera.

Tsopano za machubu, pomwe pagona nkhani yonse. Chubu chilichonse n'chotalika pafupifupi masentimita 10, ndipo anthu ambiri amachiona ngati paipi ya madzi yomwe imangofunika kukhala yotseguka. Si choncho. Kumapeto kwake, kufupi ndi basiketi ya mazira, chubu chimatambasuka n'kukhala ndi tizala tofewa ngati ngayaye ya chimanga. Dzira likatuluka, tizalati timaliwakha n'kulilowetsa. M'kati mwa chubu muli makwinya ambirimbiri opyapyala, ndipo pamakwinyawo pamera tiubweya tosaoneka ndi maso. Ngati munaonapo munda wa tirigu ku Tsangano mphepo ikuwomba, mmene umaweramira mbali imodzi ngati mafunde, ndi mmenenso tiubweyati timachitira usana ndi usiku, kukankhira dzira kuchiberekero. Dzira lilibe miyendo. Limakumana ndi mbewu ya abambo m'chubu momwemo, kenako limanyamulidwa ndi tiubweyati ulendo wa masiku atatu kapena anayi, kudutsa malo ena opanikizika omwe kukula kwake sikupitirira milimita imodzi.

Tizilombo tikafika malo osakhwima chonchi, zinthu zimawonongeka m'njira ziwiri. Chinzonono chimachita mwaukali: poizoni wake, pamodzi ndi nkhondo yomwe thupi limayambitsa pochithamangitsa, zimasupula tizidutswa ta khungu la m'kati tomwe tili ndi ubweya tija, chubu n'kudzaza mafinya m'masiku ochepa. Mayi amamva ululu waukulu, thupi limatentha, ndipo amathamangira kuchipatala. Kalamidiya amachita mwakachetechete. Amabisala m'kati mwa tizidutswa ta khungulo, thupi n'kumalimbana naye kwa masabata ndi miyezi, ndipo ndi nkhondo yaitaliyo yomwe imasiya zipsera. Mayi amangomva kukoka pang'ono m'chinena, mwina kudontha magazi pakati pa mwezi, n'kumati ndi kutopa kwa kumunda. Ndakumana ndi amayi ambiri omwe machubu awo onse awiri ndi otsekeka koma sakumbukira kuti anadwalapo m'mimba.

Kuwonongeka kwenikweni kumabwera pochira. Mwina munaonapo mwana yemwe anagwera pamoto ali wakhanda, zala zake n'kupolera pamodzi zitamatirirana. M'chubu mumachitika zomwezo. Makwinya omwe asupuka amagundana n'kupolera pamodzi, n'kupanga timatumba topanda potulukira. Tizala ta kumapeto tija timafungatirana mpaka kukamwa kwa chubu kutsekeka, ndipo madzi amayamba kudzazana m'katimo, chubu n'kufufuma ngati chibaluni. Mafinya omwe atayikira kunja amamatiriza chubu ku basiketi ya mazira, kumatumbo kapena kumbuyo kwa chiberekero ndi timinyewa tonga ulusi wa kangaude, ndipo kumeneku ndi komwe kumachokera ululu wa m'chinena wosatherapo, womwe umavutitsa amayi ena zaka ndi zaka matenda atatha kale.

Machubu onse awiri akatsekeka, mimba siingabwere. Koma chomwe ndimachiopa kwambiri ndi chubu chomwe chatsala chotseguka pang'ono ubweya wake utathothoka. Mbewu ya abambo imasambira yokha, imadutsa bwinobwino n'kukapeza dzira. Pobwerera, dzira lija limasowa olinyamula, limakodwa m'kathumba kena n'kuyamba kukulira pomwepo. Imeneyi ndiyo mimba ya m'chubu, ndipo chubu chikaphulika mayi amatha kutaya magazi m'kati mpaka kufa asanafike pa opaleshoni.

Mankhwala amapha tizilombo, koma sachotsa chipsera chomwe chapangika kale. N'chifukwa chake pa matendawa timathamangitsana ndi masiku. Ku Lund, m'dziko la Sweden, madokotala anatsatira amayi oposa 1,800 omwe anadwala matendawa pakati pa 1960 ndi 1984, ataona machubu awo ndi kamera. Mwa omwe anadwala kamodzi n'kudzafuna mimba, pafupifupi 8 pa 100 alionse anapezeka osabereka chifukwa cha machubu. Omwe anadwala kawiri, pafupifupi 20 pa 100. Omwe anadwala katatu kapena kuposa, 40 pa 100. Ndipo mwa omwe anadwala kamodzi kokha matenda asanakule, osabereka sanafike ngakhale mmodzi pa 100. Mwa amayi omwewo kunapezekanso kuti amene anachedwa masiku atatu kapena kuposa asanafune chithandizo, mwayi wawo wokhala osabereka kapena wotenga mimba ya m'chubu unali wochuluka pafupifupi katatu.

Werengani manambalawa mofatsa, mayi. Akunena kuti amayi ochuluka zedi omwe adwala kamodzi amaberekanso. Akunenanso kuti chomwe chimagwetsa munthu m'mavuto ndi kubwereza. Inu muli paulendo woyamba, ndipo ntchito yonse tsopano ndi yoti usadzakhalepo wachiwiri.

Nanga bedi? Kalekale madokotala ambiri ankaganiza ngati inu, kuti mtsikana yemwe akufunabe ana ayenera kugonekedwa kuti mankhwala a mumtsempha ateteze machubu. Ku America anachita kuyesa, pa amayi 831 omwe matenda awo anali asanafike poipa. Ena anawagoneka n'kuwapatsa mankhwala a mumtsempha, ena anawabaya jakisoni mmodzi n'kuwatumiza kunyumba ndi mapilitsi a masiku 14. Zotsatira zinatuluka mu 2002: patadutsa pafupifupi zaka zitatu, omwe anatenga mimba anali pafupifupi 42 pa 100 mbali zonse ziwiri, ndipo kubwereza kwa matenda ndi ululu wosatherapo sizinasiyane. Piritsi lomwe mwameza ndipo lakhala m'mimba limafika m'magazi n'kukafika m'chubu mofanana ndi mankhwala a m'botolo. Diripu ilibe mphamvu yapadera yotsegula machubu.

Mankhwala amakhala a mitundu itatu chifukwa cha gulu la tizilombo lija. Jakisoni nthawi zambiri amakhala seftriyakisoni, yemwe ntchito yake yaikulu ndi kupha chinzonono, ndipo pa matenda osakula kamodzi n'kokwanira. Dokisisaikilini, mamiligalamu 100 m'mawa ndi madzulo kwa masiku 14, ndi wa kalamidiya. Metronidazo, uja ambiri amati fulajilo, mamiligalamu 400 kapena 500 kawiri pa tsiku kwa masiku 14, ndi wa tizilombo tokonda malo opanda mpweya, tomwe timapanga zotupa za mafinya. Kwina amawonjezerapo azitromaisini womwera pomwepo. Mukasiya mtundu umodzi mwa itatuyi, mwasiya mbali ina ya gululo yamoyo.

Pa tsiku lachisanu ndi pomwe ambiri amaterereka. Ululu watha, m'kamwa mukuwawa ngati mwatafuna chitsulo chifukwa cha metronidazo, nseru ikuvuta, munthu n'kuganiza zosungako makapisozi otsala kuti adzathandize tsiku lina. Koma ululu umatha kutupa kukangochepa, kalamidiya akadali m'malo ake obisala. Imwani dokisisaikilini mutadya, ndi kapu yodzaza ya madzi, ndipo musagone pansi mpaka patadutsa theka la ola, apo ayi amakakamira pammero n'kuyambitsa chilonda. Mkaka, mapilitsi owonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira amamanga dokisisaikilini m'matumbo kuti asalowe m'magazi, choncho muzisiyanitsa ndi maola awiri kapena atatu. Mowa wa mtundu uliwonse udikire kaye. Ngati mwasanza piritsi mutangolimwa ndipo zikubwereza, musalimbane nazo nokha kunyumba, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Simunatchule ngati anakuitananinso patapita masiku atatu. Ulendo umenewu ndi mbali ya chithandizo cha kunyumba, si wongowonjezera. Pakatha maola 72 timafuna kuona kuti kutentha kwatsika, mimba yafewa, ndipo khomo la chiberekero tikaligwedeza ndi zala silikukudzidzimutsani ngati poyamba. Ngati simunapite, pitani sabata ino ndi khadi lanu. Funsaninso ngati anakuyezani mimba, HIV ndi chindoko. Kuyeza mimba n'kofunika kwambiri pa zonsezi, chifukwa mimba ya m'chubu imayamba ndi ululu wofanana ndi wanuwu, komanso dokisisaikilini sitipatsa mayi woyembekezera.

Timagoneka munthu pa zifukwa zodziwika, osati chifukwa chakuti wina ndi wofunika kuposa mnzake. Choyamba ndi pamene sitingatsimikize kuti si matenda ofuna opaleshoni, monga apendikisi, mimba ya m'chubu kapena basiketi ya mazira yomwe yapotoka. Pamenepo mayi ayenera kugona pafupi ndi chipinda cha opaleshoni. Timagonekanso woyembekezera aliyense, yemwe akusanza moti piritsi silikhala, yemwe thupi latentha kupitirira madigiri 38.5 ndipo wafooka kapena mimba yauma gwa ngati thabwa, yemwe wamwa mankhwala masiku atatu osasintha, ndi yemwe ali ndi chotupa cha mafinya pa chubu ndi basiketi ya mazira. Masiku asanu a diripu omwe anagona mlamu wanu akufanana ndi chimodzi mwa zimenezi, makamaka chotupa. Kuno kwathu ndimawonjezapo chifukwa china chomwe chimachokera m'misewu yathu. Mayi wochokera kumudzi wa kutali ku Chifunde kapena ku Makanga, nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza, yemwe ndikudziwa kuti sangabwerenso pa tsiku lachitatu, ndimafulumira kumusunga masiku awiri kusiyana ndi wokhala kuseri kwa chipatala. Kukhala ndi HIV pakokha si chifukwa chogonekera, ndipo mankhwala ndi omwewo, kungoti zotupa za mafinya zimapezeka kawirikawiri mwa amayi omwe ali ndi HIV, choncho timayang'ana mosamala.

Ndikusimbireni za mayi wina wa zaka 24, wogulitsa mbatata ya kachewere cha ku Domwe, chifukwa iye anayenda njira zonse ziwiri. Ulendo woyamba anabwera akuyenda yekha, atamva ululu masiku awiri. Thupi linali pa 37.8, mimba yofewa, koma khomo la chiberekero litagwedezedwa anagwira dzanja langa. Mimba panalibe, malungo panalibe. Tinamubaya, tinamupatsa mapilitsi a masiku 14 ndi kapepala koitanira mwamuna wake. Pa tsiku lachitatu anabwera akumwetulira. Zomwe anadzandiuza pambuyo pake n'zakuti pa tsiku lachisanu ndi chimodzi anasiya kumwa, makapisozi otsala anagawana ndi mwamuna wake yemwe anakana kubwera, poganiza kuti akuchita bwino kuchiza onse awiri. Mapeto ake palibe anachira.

Patatha miyezi inayi ululu unabwerera. Pochita manyazi kuti anamwino amufunsa za mapilitsi aja, anagula makapisozi a amokisisilini pamsika, n'kumamwa awiriawiri kwa masiku khumi. Mankhwala amenewo anangophimba moto ndi phulusa. Anabwera naye pa njinga yamoto atapindika, dzanja lili kumanzere kwa chinena, akusanza chilichonse. Thupi linali pa 39.2, mtima ukugunda ka 118 pa mphindi. Tinayezanso mimba ndi malungo, zonse panalibe. Poyeza ndi zala ndinamva chinthu cholimba, chopweteka, kumanzere kwa chiberekero, ndipo ekografiya, yomwe a ku Malawi amati sikani, inaonetsa chotupa cha masentimita 6 momwe chubu ndi basiketi zinali zitasakanikirana, osazindikirikanso kuti ichi n'chiti.

Uyu sakanathandizika ndi mapilitsi. M'kati mwa chotupa cha mafinya simuyenda magazi, choncho mankhwala amalowamo movutikira, ndipo chotupa chikaphulikira m'mimba munthu amatha kufa m'maola ochepa. Tinamuika madzi a mumtsempha, seftriyakisoni galamu imodzi mumtsempha tsiku lililonse, metronidazo mamiligalamu 500 a mumtsempha, ndipo dokisisaikilini tinamuyamba kusanza kutangoleka. Komwe seftriyakisoni wasowa timagwiritsa ntchito mankhwala ena monga jentamaisini pamodzi ndi anzake. Anamwino ankamuyeza kutentha ndi kugunda kwa mtima kangapo pa tsiku, ife n'kumapapasa mimba m'mawa uliwonse, ndipo a opaleshoni anali atauzidwa kale. Tinagwirizana kuti ngati pofika maola 72 kutentha sikutsika, kapena chotupa chikukula, tikachotsa mafinyawo. Zotupa zazikulu, za masentimita 8 kupita m'tsogolo, kawirikawiri zimafuna kutero.

Iye anachita mwayi. Usiku wachitatu kutentha kunatsika, m'mawa mwake anapempha phala. Tinadikira masiku ena awiri thupi lili lozizira tisanachotse singano, ndipo anatuluka pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndi mapilitsi omwewa muli nawo inuwa, oti akapitirize kunyumba mpaka tidzaonenso chotupacho. Onani pamenepa, mayi: ngakhale ogonekedwa amamalizira pa dokisisaikilini ndi metronidazo. Ulendo uno mwamuna wake anabwera, atamuona mkazi wake ali gone pabedi. Patatha chaka ndi theka mimba isakubwera, ekisileyi ya machubu inaonetsa kuti chakumanzere chinatsekeka, chakumanja chikudutsa. Anadzatenga mimba ndi chubu chimodzicho, ndipo ndinasangalala naye kwambiri. Koma chubu chakumanzere chija chinali bwinobwino pa tsiku lomwe anabwera akumwetulira lija, ndipo ndimachikumbukira nthawi zonse ndikamalembera mayi mapilitsi a masiku 14.

Ndiye tibwere kwa bambo. Kusamva kanthu kwawo sikutiuza chilichonse, chifukwa kalamidiya sapweteka abambo ambiri, ndipo ngakhale chinzonono chimatha kukhala chete. Lamulo lathu n'lakuti aliyense yemwe mayi wagona naye m'masiku 60 matenda asanayambe alandire mankhwala a chinzonono ndi kalamidiya, kaya akumva kanthu kaya ayi. Sakufunika kubwera mpaka ku Ulongwe. Akhoza kupita kuchipatala komweko ku Moatize n'kukanena kuti akazi awo apezeka ndi DIP. Mukhoza kuwatumizira chithunzi cha khadi lanu pafoni kuti akaonetse. Asagule okha mankhwala. Siprofulokisasini yemwe abambo ambiri amadalira anasiya kugwira chinzonono m'madera ambiri a dziko lapansi, ndipo makapisozi ongogula amangochepetsa zizindikiro.

Akabwera kumapeto kwa mwezi, musakhale malo amodzi mpaka inu mutamaliza masiku 14, iwo atamaliza mankhwala awo ndipo padutsa masiku 7 chiyambire kumwa, komanso nonse simukumva kanthu. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera kuwauza bambo omwe akhala kutali mwezi wathunthu. Amayi ambiri amandiuza kuti nkhaniyi imayenda bwino akayiyambira pa mwana yemwe akufunidwayo, osati pa funso lakuti wabweretsa ndani: adokotala akuti kuti njira ya mwana ikhale yotseguka, tichizidwe tonse. Zimenezo n'zoona ndithu, simukuwanamiza. Ngati mukuopa kuti nkhaniyi ibweretsa ndewu kapena kumenyedwa, auzeni anamwino, awaitane okha ndi kuwalankhula.

Za mimba, palibe chifukwa chodikira miyezi yambiri. Mukamaliza mankhwala nonse ndipo ululu watheratu, mukhoza kuyamba kuyesa. Ndi bwino kukaonedwanso pakatha miyezi itatu, chifukwa ndi nthawi yomwe kutenganso matenda kumaonekera. Musathamangire kukajambulitsa machubu panopa, kuthira mankhwala a ekisileyi m'chiberekero chomwe changotupa kumene kukhoza kukankhira tizilombo kumtunda. Ekografiya wamba saonetsanso ngati chubu chili chotseguka, amangoona chomwe chafufuma ndi madzi. Pa msinkhu wanu, chaka chathunthu chikadutsa mukukhala pamodzi mokwanira popanda mimba, apo ndiye mupemphe kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, ndipo bambo akayezetsenso mbewu yawo, pakuti matenda omwewa amatsekanso njira zodutsa mbewu mwa abambo. Ululu ukamangobwerera ngakhale mwamwa mankhwala onse moyenera, kumbutsani adokotala za chifuwa chachikulu ndi likodzo. Zonse ziwiri zimafika m'machubu, zilipo m'chigawo chathu chino, ndipo sizimva mankhwala a DIP.

Chinthu chimodzi mudzachisunge kwa zaka zonse zomwe mukubereka. Mwa amayi a ku Lund aja, pafupifupi mimba 9 pa 100 zoyamba pambuyo pa matendawa zinali za m'chubu, pomwe mwa amayi omwe sanadwale sizinafike ziwiri pa 100. Choncho mwezi ukadzangodumpha, yezetsani msanga, ndipo mukapezeka ndi mimba musadikire miyezi inayi kuti muyambe sikelo. Pitani pa sabata yachisanu ndi chimodzi kapena yachisanu ndi chiwiri kuchokera tsiku lomwe munayamba msambo womaliza, nenani kuti munadwalapo DIP, ndipo pemphani ekografiya yoona ngati mimba yakhala m'chiberekero. Ngati mwadumpha mwezi n'kuyamba kumva kubaya mbali imodzi ya chinena, kudontha timagazi takuda, kupweteka pamwamba pa phewa kapena chizungulire mukaimirira, musadikire kuche ndipo musadikire kuti bambo abwere kuchokera ku Moatize. Pezani njinga yamoto kapena galimoto usiku womwewo, mupite kuchipatala chomwe amachita opaleshoni, ndipo khadi lolembedwa DIP lija mulitenge.